Kutulutsa ziwerengero zofunika m'masilaidi a matchati: yambani ndi mfundo, nambala ibwere pambuyo

"Ndimagwira ntchito kubungwe loona za kadyedwe ka ana. Abwana andipatsa masilaidi odzaza ndi matchati ndipo akufuna tsamba limodzi la ziwerengero zofunika, chilichonse chikhale ndi mfundo imene chikuikira umboni. Ndayesa kukopera manambala onse koma tsamba ladzaza ndipo silikumveka. Ndiyambire pati?"

Tsamba lanu ladzaza chifukwa mwayambira pa manambala, pomwe ntchitoyi imayambira pa mfundo. Tsegulani silaidi iliyonse ndipo musanakopere kanthu, lembani chiganizo chimodzi chonena zimene tchaticho chikufuna kuti munthu akhulupirire. Mutu wonga "Kadyedwe ka ana m'Malawi" si mfundo, chifukwa palibe amene angautsutse kapena kuuvomereza, koma chiganizo chakuti "kupinimbira kwa ana kwachepa" ndi mfundo, popeza munthu angathe kufunsa kuti umboni wake uli kuti. Silaidi imene mwalephera kuilembera chiganizo chotere isalowe pamndandanda, ngakhale tchati chake chikhale chokongola chotani, ndipo masilaidi angapo amene akunena chinthu chimodzi apereke mzere umodzi wokha.

Popeza ntchito yanu ndi ya kadyedwe ka ana, ndigwiritsa ntchito ziwerengero za kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey, kapena MDHS, amene amachitidwa ndi ofesi ya boma ya National Statistical Office ya ku Zomba. Tiyerekeze kuti silaidi ina ili ndi tchati cha mizati iwiri, wina wa 2010 wofika pa 47 ndipo wina wa 2015-16 wofika pa 37. Munthu wofulumira amalemba kuti "Kupinimbira: 37 peresenti" n'kupitirira. Mzere wotere ukatuluka pasilaidi umataya zonse zimene tchati chinkanena mwakachetechete kudzera m'mizere yake ya m'mbali ndi timawu tam'munsi, choncho inuyo muyenera kuzibwezeretsa m'mawu: anayezedwa ndani, anayezedwa chiyani, chaka chiti, ndiponso nambalayo yachokera kuti. Mzere wathunthu ungalembedwe motere:

"Mfundo: Kupinimbira kwa ana kunachepa m'dziko muno pakati pa 2010 ndi 2016. Chiwerengero: ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira mu 2015-16, poyerekeza ndi ana 47 pa 100 alionse mu 2010 (MDHS, silaidi 4)."

Nambala ya silaidi muiikeko chifukwa tsiku lina munthu adzakayikira mzerewo, ndipo mudzafuna kubwerera pamalo ake osafufuza fayilo yonse.

Pa chitsanzo chomwechi pali malo awiri pamene anthu ambiri amaterereka. Oyamba ndi kanenedwe ka kusiyana kwa manambala awiriwo. Kuchoka pa 47 kufika pa 37 ndi kutsika ndi mapointi 10, osati kutsika ndi 10 peresenti, pakuti mukagawa 10 ndi 47 mupeza kuti mlingowo unatsika ndi pafupifupi 21 peresenti. Kanenedwe konseka n'koona ngati kalembedwa bwino, koma ine ndimakonda kulemba manambala onse awiri, wakale ndi watsopano, kuti wowerenga adzionere yekha. Malo achiwiri ndi kukula kwa mfundo. Chiwerengero chimenechi chikutsimikiza kuti mlingo wa kupinimbira unatsika m'dziko lonse, koma sichikutsimikiza kuti unatsika chifukwa cha ntchito ya bungwe lanu, ndiponso sichikunena kuti ana opinimbira, powawerenga mmodzimmodzi, anachepa pa mlingo womwewo, chifukwa m'zaka zimenezi anthu ankachuluka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, pomwe mu 2008 analipo pafupifupi 13 miliyoni. Ngati abwana akufuna mfundo yakuti ntchito yanu yathandiza, pakufunika chiwerengero china chochokera m'madera amene mumagwiramo ntchito, ndipo ngati masilaidi alibe chiwerengero chotere, ndi bwino kuwauza mwaulemu kuti mfundoyo ilibe umboni pakadali pano kusiyana ndi kuikoloweka pa nambala ya dziko lonse.

Samalaninso ndi mawu a pamutu wa tchati. Mawu akuti kunyentchera amagwiritsidwa ntchito pa zinthu zosiyana, pomwe kafukufuku amayeza zinthu zitatu payokhapayokha. Kupinimbira ndi kufupika poyerekeza ndi zaka za mwana, ndipo n'kumene kunali pa 37 peresenti. Kuwonda poyerekeza ndi kutalika kwa mwana kunali pa 3 peresenti. Kupepuka poyerekeza ndi zaka kunali pa 12 peresenti. Mukalemba kuti ana 37 pa 100 alionse ndi onyentchera, katswiri wa zaumoyo amene akuganiza za ana owonda adzati mwalakwitsa, ndipo akakayikira mzere umodzi adzakayikira tsamba lonse.

Nthawi zina mfundo imodzi imafuna ziwerengero ziwiri zochokera m'masilaidi osiyana. Tchati chosonyeza kuti mu 2015-16 kupinimbira kunali pa 39 peresenti kumidzi ndi 25 peresenti m'matauni chikutsimikiza kuti mwana wakumudzi ali pachiopsezo chachikulu, koma pachokha sichikunena kumene kuli ana ambiri opinimbira. Mukachiphatikiza ndi zimene kalembera wa 2018 anapeza, zakuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumidzi, mfundo yakuti ana ambiri opinimbira ali kumidzi imaima bwino. Lembani zaka za ziwerengero zonse ziwiri, chifukwa sizinatengedwe nthawi imodzi.

Tsopano za kapezedwe ka nambala yeniyeni. Musayerekeze ndi maso kutalika kwa mzati, makamaka ngati mzere wa m'mbali sukuyambira pa 0, chifukwa tchati choyambira pa 30 chimaonetsa 47 ngati woposa 37 kuwirikiza kawiri. Mu PowerPoint, dinani tchaticho ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha "Edit Data", ndipo tebulo la manambala amene anajambulira tchaticho lidzatseguka. Ngati mawu amenewa sakuoneka, nthawi zambiri ndiye kuti tchaticho ndi chithunzi chabe chimene munthu anachimata, ndipo zikatero muyenera kupita ku lipoti limene latchulidwa m'munsi mwa silaidi kapena kufunsa amene anakonza masilaidiwo. Nambala imene gwero lake silikupezeka ikhale kunja kwa tsamba mpaka gwerolo litadziwika. Mukapeza 37.1 m'tebulo, kulemba 37 n'kokwanira, popeza MDHS imayeza mabanja osankhidwa osati dziko lonse monga amachitira kalembera, ndipo pa chifukwa chomwechi kusiyana kwa pointi imodzi kapena ziwiri pakati pa maboma awiri sikokwanira kutsimikiza kuti boma lina likuchita bwino kuposa linzake.

Mizere ikakwana, isanjeni motsatira mmene mfundo zikudalirirana, osati motsatira manambala a masilaidi: kukula kwa vuto poyamba, kenako mmene lasinthira, kenako kumene lili kwambiri. Mukatero, patsani tsambalo munthu amene sanaonepo masilaidiwo, muphimbe mfundo, ndipo mumufunse kuti chiwerengero chilichonse chikumuuza chiyani. Pamene yankho lake likuchepa poyerekeza ndi mfundo imene mwalemba, chepetsani mfundoyo kapena funani chiwerengero china musanapereke tsambalo kwa abwana.