Nthabwala ya galu ija inafera pa ka "i-"

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa ku Luchenza: "Aphunzitsi, pa ukwati wa msuweni wanga woyendetsa mwambo anaseketsa anthu mpaka ena kugwa pa mipando. Anati ali naye wake kunyumba amene amamudikira pakhomo, osafunsa komwe wachokera, kenako kumapeto tinazindikira kuti akunena galu. Ine ndinakaibwereza kwa anzanga ku esiteti, koma poti ndilibe galu ndinaika mbuzi, ndinati 'ndili nayo yanga kunyumba, imandidikira pakhomo'. Palibe anaseka olo mmodzi. Ndinalakwitsa pati?"

Achimwene, inu munaulula chinsinsi musanamalize n'komwe mpweya woyamba, ndipo amene anakuperekani si anzanuwo ayi, ndi galamala.

Nthabwala ya mtundu umenewu imayenda chonchi: mumamutenga womvera n'kumulowetsa njira imene iye akuona ngati akuidziwa, iye amathamangira kutsogolo n'kumalizitsa yekha nkhani m'mutu mwake, ndiye inu pa mawu omaliza mumakhota, iye n'kupezeka ali yekha kutchire. Chimene chimaseketsa n'chakuti wadzisocheretsa yekha, inu simunamunamize paliponse. Ndiye ntchito yonse ili pobisa kuti mukukamba za ndani mpaka nthawi yake itakwana.

Apa ndi pamene Chichewa chathu chili ndi khalidwe lake. Mukukumbuka magulu a mayina ku pulayimale, Mu-A, Mu-Mi, I-Zi, Chi-Zi aja tinkaloweza ngati nyimbo? Dzina lililonse limasiya chidindo chake pa mneni ndi pa mawu ena oyandikana nalo, zija aphunzitsi ankati agwirizanitsi. Olo dzinalo musalitchule, chidindocho chimaoneka basi. Mbuzi ili mu I-Zi, ndiye munangoti "nayo yanga" komanso "imandidikira" aliyense anadziwiratu kuti si munthu ameneyu, mwina ndi nkhuku, mwina ndi njinga, kaya ndi wailesi. Sanaganizeko za mkazi ngakhale pang'ono, ndiye pofika kumapeto panalibe poti n'kukhota, munangowauza nkhani ya mbuzi.

Galu ndi wina. Galu, mphaka, nyani, tambala, bakha, onsewa amayenda ndi agwirizanitsi a anthu: galu wanga, galu wabwera, ndamuona galu, agalu abwera. Woyendetsa mwambo uja, kaya ankadziwa kaya zinangomuchitikira, anasankha nyama yoti ikhoza kubisala m'zovala za munthu. Tiyeni tiimange bwinobwino muone:

"Ine ndili naye wanga kunyumba. Ndikachedwa amandidikira pakhomo. Safunsa kuti ndinali kuti, sagwira foni yanga, chilichonse ndamupatsa amadya osadandaula. Vuto ndi limodzi basi... nkhupakupa m'makutumu."

Taonani mmene chiganizo chilichonse chikumukankhira womvera kumodzi. "Wanga" ndi mmene anyamata amatchulira chibwenzi. Kufunsa komwe unali ndi kugwira foni ndi madandaulo a m'banja omwe aliyense pa ukwatipo akuwadziwa, azibambo ayamba kale kugwedeza mitu, azimayi ayamba kale kukwiya. Koma bwererani muwerengenso muli ndi galu m'mutu, mupeza kuti palibe bodza olo limodzi. Galu safunsadi. Sagwiradi foni. Muyeso wake ndi umenewu, ndipo ine nthabwala iliyonse ndimaiyesa chonchi: mawu onse akhale oona mbali ziwiri zonse.

Pali kamsampha kena apa kamene anthu ambiri amagwamo. Pofuna kuti anthu akhulupirire kwambiri kuti akunena mkazi, munthu amayamba kulemekeza, "ndili nawo anga", "ndimawakonda". Apo mwanama tsopano, chifukwa galu mmodzi sitimuti anga, ndipo pamapeto wina adzati aaa iwe, si unati anga? Akayamba kutsutsa kuseka kwathera pomwepo. Ubwino wake "amandidikira", "amadya", "safunsa" amakhala chimodzimodzi kaya mukunena mwana, kaya mayi wolemekezeka, kaya galu, ndiye khalani pa ka "ama-" kameneka, kakusungirani chinsinsi. Mukangoti "abwera" m'malo mwa "wabwera" mwaphonya.

Onaninso kuti mawu oti galu sanatchulidwe n'komwe. Nkhupakupa ndi zimene zagwira ntchito, womvera wapeza yekha galuyo ndipo munthu amaseka kwambiri chinthu chimene watulukira yekha. Komanso mawu okhotetsawo ali kumapeto kwenikweni. Mukati "ali ndi nkhupakupa m'makutu ndiye vuto lake limene ndimaona ineyo", anthu afuna kuseka pa nkhupakupa koma inu mukuyankhulabe, akudikirani mwaulemu, kuseka kuja n'kuzizira ngati tiyi woiwalika. Mukati "vuto ndi limodzi basi" pumani pang'ono, osati kwambiri, kungokwana kuti aganize kuti mutchula apongozi kapena ndalama. Mukatchula, tsekani pakamwa. Zoti "ndimanena galutu" musazinene, chonde.

Mbuzi yanu ija mwina ikanapulumuka pa gulu la achinyamata, chifukwa iwo ali ndi mawu awo oti njole, ndipo amati njole yanga, ndiye "ndili nayo yanga" ikhoza kuwapititsa kumeneko. Koma kwa azibambo otchola tiyi a zaka 50 sindikuona ikugwira. Nthabwalayi imadalira zimene womvera ali nazo kale m'mutu, mukalakwitsa gulu ndiye kuti mwatchera msampha panjira yomwe mbewa sizidutsa.

Njira ina yosocheretsa ndi ya mawu a matanthauzo awiri, iyi ndi yosavuta. "Chikwatirireni achimwene anga alemera zedi, moti a kabaza pa Chitakale akawaona amathawa." Poyamba mumamva chuma, kenako a kabaza aja akuuzani kuti ndi makilo. Koma samalani ndi mawu amene amasiyana kamvekedwe. Mutalemba pa gulupu ya WhatsApp kuti "thamangani ku Bvumbwe, mtengo wagwa", anthu ayamba kufunsa kuti wa tomato kapena wa kabichi, inu n'kuyankha kuti wa bulugamu, watseka msewu. Polemba imagwira bwino chifukwa zilembo ndi zomwezo. Pakamwa imavuta, chifukwa mtengo wa kutchire mawu amakwera pa "te" pomwe mtengo wa pamsika sakwera, ndiye wa khutu lakuthwa amva kale kuti mukunena uti, ndipo mukautchula mwa pamsika kenako n'kuti bulugamu ndiye kuti mwaba masewero.

Ena amati zimenezi ndi chimodzimodzi ndi zilape za agogo, ine ndimakana pang'ono. Munthu akati nyumba yopanda khomo, tonse tikudziwa kuti si nyumba yeniyeni, tachenjezedwa kale ndipo tikusaka dzira lija mwadala. Nthabwala yokhota safuna chenjezo. Ndiye ngati ku esiteti kuja munayamba ndi "imvani iyi museka", munawaika pa tcheru, anayamba kusaka msampha m'malo moyenda.

Sabata ya mawa kayeseni ndi tambala, osalengeza, ingoyambani ngati mukudandaula zenizeni pa nthawi ya nkhomaliro. Muti muli naye wina kwanuko amene amakudzutsani 4 koloko tsiku lililonse, sagwira ntchito, amangoyendayenda ndi akazi a eni ake m'mudzi monse, ndipo mwatopa naye moti pa Khirisimasi pano mumudya ndi mpunga.