Ndinasintha mayina onse, nanga andigwira bwanji?

"Zikomo aphungu. Ndine mnyamata wa ku Ngabu, ndili chaka choyamba ku koleji, maphunziro a zamakompyuta. Nthawi itandithera ndinatenga pulogalamu ya mnzanga pa fulashi, ndinasintha mayina onse a maveriyebo, ndinafufuta makomenti ake n'kupereka. Tsopano aphunzitsi atiyitana tonse awiri, akuti ntchito zathu zafanana 90 peresenti. Bambo anagulitsa ng'ombe kuti andilipirire fizi, ndipo akuti ndikakane basi chifukwa makina amalakwitsa. Ndikakane?"

Mphwanga, usakakane. Kalata zonga yakoyi zimabwera kumapeto kwa semesita iliyonse, ndipo aliyense amakhala akudabwa chinthu chomwechi. Ukanakhala kuti unadziwa zomwe makinawo amachita pulogalamu yako ikangofika, sukanavutika n'komwe ndi kusintha mayina.

Sindikuuza kuti koleji yako imagwiritsa ntchito chida chiti, koma zodziwika kwambiri ndi Moss, yomwe Alex Aiken anapanga mu 1994, ndi JPlag ya ku yunivesite ya ku Karlsruhe ku Germany. Zonse ziwiri zimayamba ndi kutaya zinthu zomwe sizisintha kagwiridwe ka ntchito ka pulogalamu: makomenti, mipata ndi mizere yopanda kanthu. Kenako zimadula zotsalazo kukhala timawu timene amati matokeni, ndipo dzina lililonse limene wolemba anadzisankhira sililabadiridwa. Ndiye kuti ntchito yonse imene unagwira usiku uja inafufutidwa kuyerekeza kusanayambe.

Tiyerekeze kuti mnzako analemba izi powerengera ndalama za thonje:

```python
def total(kg, mtengo):
    ndalama = 0
    for x in kg:
        ndalama += x * mtengo
    return ndalama
```

Iwe n'kupereka izi:

```python
def werenga(matumba, p):
    t = 0
    for m in matumba:
        t += m * p
    return t
```

M'maso mwako zasiyana. Koma dzina lililonse likasanduka chilembo chimodzi, tinene V, mapulogalamu onse awiri amatuluka motere:

```
def V ( V , V ) : V = 0 for V in V : V += V * V return V
```

Matokeni 23 uku, 23 uko, m'ndondomeko imodzimodzi. Kwanuko wakuba ng'ombe akhoza kuipatsa dzina lina, koma mwini wake akaipeza pamsika sayamba wafunsa dzina. Amaona nyanga, linunda ndi mawanga.

Apa ophunzira ochenjera pang'ono amati, chabwino, ndiwonjezera mzere wanga pakati. Tiyeni tiwerenge. Moss imatenga mndandanda uja n'kuudula m'tizigawo tolumikizana ta utali wofanana. Pachitsanzo chathuchi titenge ta matokeni asanu, ngakhale zida zenizeni zimatenga totalikirapo. Kachigawo koyamba ndi tokeni 1 mpaka 5, kachiwiri 2 mpaka 6, kachitatu 3 mpaka 7, choncho mpaka kumapeto, ndipo pa matokeni 23 timapeza tizigawo 19. Ukaika mzere wa `print` pansi pa `t = 0`, wangoswa tizigawo tinayi tokha timene timadutsa pamalo amenewo. Tina 15 tatsala momwe tinalili, pafupifupi 79 peresenti ya ntchito ya mnzako. Ndipo kapulogalamu aka ndi ka mizere isanu. Pa pulogalamu ya mizere 200, mzere umodzi wowonjezera uli ngati kuthira chikho cha madzi mu Shire. Kusuntha mafankishoni, ya pamwamba kuiika pansi, n'chimodzimodzi: zimasokonekera ndi za m'malire zokha, zam'kati zimapezekabe kulikonse kumene wazipititsa.

Kachigawo kalikonse kamasandutsidwa nambala, imene amati hashi, ndipo mwa nambala zingapo zoyandikana makina amasungako yaing'ono kwambiri ngati chidindo cha malowo. Kasankhidwe kameneka kanakonzedwa dala kuti ndime yaitali yofanana isadutse osasiya chidindo ngakhale chimodzi. JPlag imayenda njira ina: imafufuza ndime yaitali kwambiri ya matokeni yofanana m'ntchito ziwirizo, kuiika chizindikiro, kenako yotsatira, mpaka zotsala zitafupika kwambiri. Zonsezi zimachitika pa ophunzira awiriawiri m'kalasi yonse. Kalasi ya anthu 60 ili ndi mapeyala 1,770, ndipo aphunzitsi amalandira mndandanda wa amene afanana kwambiri, ntchito ziwiri zitaikidwa pambalipambali, ndime zofanana zitapakidwa mitundu. Akafuna amaponyamo ndi ntchito za chaka chatha, choncho laputopu ya achimwene a chaka chachitatu si pobisalira.

Tsopano za bambo. Pali kachoonadi pa zomwe akunenazo: peresenti si umboni, ndipo amene anapanga Moss amanena poyera kuti munthu ndiye ayenera kuona khodiyo n'kugamula. Kapulogalamu ka thonje kaja ophunzira khumi oona mtima akhoza kukalemba mofanana, chifukwa njira zokalembera n'zochepa. Koma zimenezi anaziganizira kale. Moss ili ndi `-b`, pomwe aphunzitsi amaikapo khodi imene anagawira kalasi yonse kuti isawerengedwe, komanso `-m`, yomwe imataya ndime zopezeka m'ntchito zambiri, ndipo ikapanda kusinthidwa malire ake ndi 10. Zotsala ndi ndime zimene zili kwa anthu ochepa okha. Zikakhala kwa inu awiri basi, aphunzitsi amayang'ana zimene makina sanazilabadire: cholakwika chofanana pamzere wofanana, veriyebo imene nonse munaipanga koma osaigwiritsa ntchito, uthenga wa pa sikirini wolakwika sipelo pamalo amodzimodzi. Akamaliza amangoloza mzere n'kufunsa kuti, apa unafuna kutani? Wolemba yekha amayankha ngakhale mwachibwibwi. Wokopera amayang'ana kudenga.

Inu makolo, ndikumvetsa kuti ng'ombe si nkhuku. Koma kuuza mwana kuti akaname pamaso pa anthu amene agwira ntchito ziwirizo m'manja n'kumuwonjezera mlandu wachiwiri pa woyamba. Ndipo mwana amene amangomva za ng'ombe nthawi iliyonse akaimba foni kunyumba sangakuuzeni kuti phunziro lamukanika. Amakatenga fulashi.

Pali chinanso chimene mwina sunachiganizire. Makina sadziwa amene wakopera mnzake, amangoona kufanana. Ukakana, mnzako uja akhala pa mlandu womwewo mpaka atatulutsa umboni kuti ntchito ndi yake, ndipo ngati ali ndi mafayilo ake oyambirira okhala ndi madeti, kapena mbiri ya `git log` yoonetsa zimene ankasintha ndi nthawi yake, bodza lako lithera pomwepo.

Ndiye chita izi tsiku la kukumana lisanafike. Werenga malamulo a koleji yako okhudza kukopera, chifukwa chilango chimasiyana koleji ndi koleji, ndipo udziwe ngati uli ndi mwayi wochita apilo. Kaonane ndi aphunzitsi, unene zomwe unachita monga wandiuzira ine, utchulenso ngati mnzako ankadziwa kapena ayi. Usayembekezere kuti malikisi a asayimenti imeneyi abwerera. Ukhoza kupatsidwa ziro, mwinanso kubwereza phunzirolo. Kenako tseka fayilo ya mnzako, usaitsegulenso, utenge funso lija ulembe pa pepala m'Chichewa chenicheni zomwe pulogalamu iyenera kuchita, sitepe ndi sitepe, ndipo uyambe pa fayilo yopanda kanthu. Uzisunga kope tsiku lililonse ndi deti lake. Ituluka yaitali, yosaoneka bwino, mwina yolephera mayeso ena a aphunzitsi, koma matokeni ake adzatsata maganizo ako. Munthu amene anatha kusintha mayina onse pulogalamu osaiwononga amadziwako pang'ono kuwerenga khodi, ndiye poyambira ulipo. Ikakukanika pa lupu, pita nayo kwa aphunzitsi momwemo, kudakali sabata yathunthu tsiku lopereka lisanakwane.