Kupeza adiresi yolowera mu rauta yanu

"Achimwene, ndili ndi rauta ku hositelo kuno ku Chikanda. Bandulo ikumatha msanga, ndikuganiza kuti pasiwedi yafalikira. Mnzanga anati ndilembe 192.168.1.1 kuti ndikaisinthe, koma palibe chikutseguka. Nditani?"

Mnzanuyo sanakunamizeni, kungoti wakupatsani adiresi ya rauta yake. Marauta ambiri a Huawei, aja olowetsa simukhadi, amakhala pa 192.168.8.1, pomwe ena ali pa 192.168.0.1. Musavutike ndi kulota manambala, laputopu yanu ikuidziwa kale adiresiyo, chifukwa chilichonse chopita pa intaneti imachidutsitsa pomwepo.

Lumikizani laputopuyo ku wayifayi ya rautayo, dinani Windows ndi R pamodzi, lembani `cmd`, kenako pa chiwindo chakudacho mulembe:

```
ipconfig
```

Patuluka mizere yambiri, koma inu mutsike mpaka pa `Wireless LAN adapter Wi-Fi`. Tinene kuti mwaona izi:

```
IPv4 Address . . . : 192.168.8.103
Default Gateway  . : 192.168.8.1
```

Yoyambayo ndi ya laputopu yanu, isiyeni. Yachiwiriyo ndiye rauta. Ilembeni pamwamba penipeni pa bulawuza motere, `http://192.168.8.1`, osati m'kabokosi kofufuzira ka Google. Bulawuza ikadandaula kuti `Not secure`, musachite mantha, tsambalo lili m'kati mwa rauta momwemo, silinachoke m'chipinda chanu. N'chifukwa chake limatseguka ngakhale bandulo itatheratu.

Mukapeza kuti pa `Default Gateway` palibe kanthu, ndipo adiresi yanu ikuyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinaipatse laputopuyo nambala. Izimitseni rautayo, muiyatsenso, mulumikize kachiwiri.

Ngati muli ndi foni yokha, pa iPhone lowani mu `Settings`, `Wi-Fi`, dinani kachilembo ka i, muone pa `Router`. Pa Android mawuwo amasiyana malinga ndi mtundu wa foni, koma mukatsegula tsatanetsatane wa netiwekiyo mupeza `Gateway` kapena `Router`. Apa pali msampha umene umakola ambiri: bandulo ya rauta ikatha, mafoni ena amaona kuti wayifayi ilibe intaneti n'kuthawira mwakachetechete ku deta ya simukhadi yawo. Adiresi yolondola yomweyo imakana kutseguka. Yambani mwazimitsa deta ya foniyo.

Tsamba likatseguka likufunsani pasiwedi, ndipo si ya wayifayi ija anzanu akugawana. Ndi ya mwini rauta, imalembedwa pa kapepala komata kunsi kwa rauta kapena pansi pa batire. Nthawi zambiri imakhala `admin`. Ine ndingati musinthe zonse ziwiri, chifukwa amene ali pa wayifayi yanu akhoza kulowanso ndi `admin` yemweyo n'kuona pasiwedi yatsopano.

Ikakana, wina anaisintha kale. Chotsala ndi kabowo ka `Reset`: kanikizani ndi kawaya masekondi pafupifupi 10 rauta ili choyaka. Zonse zibwerera mmene inachokera kusitolo, dzina la wayifayi ndi pasiwedi yomwe, choncho muyambe mwatsimikiza kuti kapepala kaja kakuwerengeka.