Bajeti ya nazale ya mitengo: mzere uliwonse uziwerengeka pa foni

"Abale, gulu lathu la kumudzi lauzidwa ndi bungwe lina kuti titumize propozo ndi bajeti ya nazale ya mitengo 10,000. Tilipo anthu 20. Bajetiyo tiyiyale bwanji kuti athe kuimva? Nanga akaunti titsegule ku banki iti?"

Mayi, zikomo pofunsa. Za banki ndisiyira ena, ine ndikhala pa bajeti pokha chifukwa ndi ntchito imene ndimagwira ndi magulu kwathu kuno.

Munthu amene adzawerenge bajeti yanu kawirikawiri ndi wa ku ofesi ya zachuma, ndipo mudzi wanu saudziwa. Iye amatenga mzere umodzi, n'kuchulukitsa manambala ake, n'kuona ngati zikufanana ndi zimene mwalemba kumapeto kwa mzerewo. Ndiye mzere uliwonse ulembedwe mwakuti munthu wa foni m'manja angathe kuuwerengetsa yekha popanda kukuimbirani. Mukalemba kuti "maphunziro K600,000" basi, mwamusiya pamdima. Sadziwa kuti ophunzirawo ndi angati, masiku ndi angati, ndalamayo ikudyedwa kapena ikugula makope.

Choyamba afunseni ngati ali ndi fomu yawo ya bajeti. Ngati ilipo, dzazani imeneyo mmene ilili, osachotsa kapena kuwonjezera madanga, ngakhale ikuoneka yovuta. Ngati alibe, tsegulani Excel, pamwamba penipeni mulembe dzina la gulu, dzina la pulojekiti, miyezi imene ntchito idzatenge, tsiku limene mwalemba, ndiponso kuti ndalama zonse zili m'makwacha. Pansi pake ikani mitu ya madanga motere, popeza mabungwe ambiri amafuna Chingerezi:

```
No. | Item | Unit | Quantity | Frequency | Unit cost | Total | Notes
```

Danga loyamba ndi nambala ya mzere, lachiwiri dzina la chinthu, lachitatu muyeso wake (chubu, kilogalamu, munthu, ulendo), lachinayi kuchuluka kwake, lachisanu kangati, lachisanu ndi chimodzi mtengo wa chimodzi, kenako zonse pamodzi, ndipo lomaliza ndi lofotokozera.

Danga la "kangati" ndi limene anthu ambiri amalisiya, chonsecho ndi limene limamasula mizere yovuta. Pa wilibala n'zosavuta: mawilibala 2, kugula kamodzi, pafupifupi K120,000 imodzi, zonse K240,000. Koma taonani chakudya cha pa maphunziro. Inu mulipo 20, aphunzitsi akhale awiri, ndiye odya ndi anthu 22. Maphunziro ndi a masiku 3. Chakudya cha munthu mmodzi pa tsiku tinene K6,000. Muyeso ndi munthu, kuchuluka 22, kangati 3, mtengo K6,000, zonse K396,000. Mukanangolemba kuti 66 osaonetsa kumene yachokera, wowerengayo akanaganiza kuti mwaitana mudzi wonse. Chimodzimodzi ulendo wopita ku boma kukatapa ndalama ndi kukasiya lipoti: anthu 2, kamodzi pa mwezi kwa miyezi 6, K12,000 kupita ndi kubwera, zonse K144,000. Mitengo ndikutchulayi ndi yongoyerekeza, inu mufunse kwanuko sabata yomwe mukulemba.

Magawo asachuluke. Pa nazale ngati yanu anayi akwana: zipangizo za nazale, maphunziro, mayendedwe, ndi kayendetsedwe ka ntchito monga mayunitsi a foni, kusindikiza malipoti ndi ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi. Gawo lililonse lipatseni nambala, mizere yake ikhale 1.1, 1.2, 1.3, kuti akakuimbirani angonena kuti "pa 2.1 paja" inu n'kudziwa pomwepo. Pansi pa gawo lililonse pakhale chiwerengero cha gawolo, cholembedwa mokuza.

Pa gawo la zipangizo ndikhalitsepo pang'ono. Mitengo 10,000 sizitanthauza machubu 10,000. Ena amang'ambika pothira dothi, mbewu zina sizimera, mbande zina zimafa ndi chiswe kapena kuola tsinde madzi akachuluka. Lembani machubu 11,000, pa K30 imodzi ndi K330,000, ndipo m'danga lofotokozera munene kuti 1,000 apamwambawo ndi olowa m'malo mwa owonongeka. Musabise, chifukwa wowerenga akaona 11,000 pamene propozo ikuti 10,000 popanda chifukwa, amayamba kukayikira mizere inanso. Mbewu musalembe "mbewu za mitengo" chabe. Mtundu uliwonse mzere wake: nsangu, mtangatanga, kesha, uliwonse ndi makilogalamu ake ndi mtengo wake. Mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu akuuzani kuti kilogalamu imodzi ya mtundu uliwonse imatulutsa mbande zingati, ndipo chiwerengero chimenecho muchiike m'danga lofotokozera lija. Makeni othirira 10 kwa anthu 20 alembedwe kuti keni imodzi anthu awiri. Mawu ochepa otero amayankhiratu mafunso asanabwere.

Manambala a m'danga la zonse musawalembe ndi dzanja. Ngati mzere wanu ndi wachisanu, lembani fomula iyi n'kuikokera pansi, ndipo yachiwiriyo ndi yophatikiza gawo lonse:

```
=D5*E5*F5
=SUM(G5:G11)
```

Chenjerani pophatikiza bajeti yonse pansi penipeni. Mukaphatikiza danga lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, ziwerengero za magawo zija zilowanso, ndipo bajeti ituluka kawiri. Bajeti ya K1,800,000 imaoneka ya K3,600,000. Phatikizani ziwerengero za magawo zokha:

```
=G12+G17+G21+G26
```

Mukatha, wina amene sanalembe nawo atenge foni awerengetse mzere ndi mzere. Msungichuma ndiye woyenera, popeza ndi amene adzayankhe mafunso.

Tsopano amene akulangizani kuti mungolipira munthu akulembereni, ine ndikukana. Gulu lina limene ndinkalithandiza linasonkha ndalama n'kupatsa bambo wina wodziwika kuti amalemba mapropozo. Anabweretsa mapepala okongola, a chikuto chonyezimira. Bajeti yake inali mizere isanu ndi umodzi, manambala onse othera m'maziro okhaokha, ndipo mzere womaliza unali "Miscellaneous", kutanthauza zina ndi zina, wa ndalama zoposa za mbewu. Choipa kwambiri, propozo inkanena za anthu 40 pamene chakudya chinali cha anthu 25, chifukwa anangotenga bajeti ya gulu lina n'kusintha dzina pamwamba. Mayi wa ku bungwe lopereka ndalama anaimbira mlembi wa gululo, foni ili pa sipika, komiti yonse itakhala pamkeka. Anafunsa modekha kuti anthu 15 otsalawo adzadya chiyani, nanga ndalama za mzere womalizawo zidzagula chiyani. Mlembi anatembenuza mapepala kutsogolo ndi kumbuyo, wapampando anayang'ana pansi. Anawapatsa masiku ochepa kuti akonze, koma bambo uja foni yake sinkapezekanso, ndipo fayilo ya pa kompyuta anali nayo iye yekha. Tsiku lotsekera linadutsa, ndalama zinapita kwa ena. Ngati mukufuna wokuthandizani kutayipa palibe vuto, koma akhale nanu pansi, manambala achokere kwa inu, ndipo fayilo muisunge inuyo. Musanatumize, ikani propozo ndi bajeti pambalimbali: ntchito iliyonse yotchulidwa mu propozo ikhale ndi mzere wake mu bajeti, ndipo mzere uliwonse wa mu bajeti ukhale ndi ntchito yake mu propozo. Anthu, masiku ndi miyezi zifanane konsekonse.

Enanso ati muwonjezere pa mtengo wa chilichonse kuti mudzatsale ndi kangachepe. Ayi ndithu. Opereka ndalama amaona mabajeti ambiri a boma lomwelo, mtengo wa wilibala amaudziwa, ndipo pamapeto adzafuna malisiti. Nkhawa ya kukwera kwa mitengo ndi yoona. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atatumiza kale mabajeti anapeza kuti ndalama sizikugulanso zimene analonjeza. Njira yake ndi kuika mzere woonekera pansi pa magawo onse, wa ndalama za zogwa mwadzidzidzi, pafupifupi 5 peresenti. Pa K1,800,000 ndi K90,000. Koma funsani kaye, chifukwa mabungwe ena mzere umenewu salola, ndipo amene amalola amafuna muwapemphe musanaikhudze. Lembaninso mwezi umene munafunsa mitengo. Ndalama zikachedwa mitengo n'kukwera, mwezi umenewo ndi umene mudzaimirepo popempha kusintha bajeti, ndipo pempholo likhale lolemba, musanagule kanthu.

Pa katundu wamkulu monga machubu ndi mawilibala tengani makotesheni ku mashopu atatu, okhala ndi chidindo, tsiku ndi nambala ya foni. Pamenepo funsani ngati mtengowo uli ndi msonkho wa VAT kale. Ena amalemba mtengo wopanda msonkho kuti aoneke otchipa, tsiku logula n'kukuwonjezerani, ndipo kusiyanako kumatuluka m'thumba la gulu. Funsaninso ngati adzakuperekerani katundu, apo ayi kunyamula kuchokera ku boma kufika kumudzi kukhale mzere wakewake m'gawo la mayendedwe.

Ma alawansi aonetsetseni. Gawo la maphunziro ndi ma alawansi likaposa la zipangizo, wowerenga amaona ngati pulojekitiyo ndi ya misonkhano, mitengo ndi dzina chabe. Ngati bungwelo lili ndi mlingo wake wa alawansi ya aphunzitsi kapena alangizi, tsatirani umenewo ndipo munene kuti mwatsatira wawo.

Musaiwale zimene gulu likupereka lokha. Malo a nazale, manyowa, mchenga, mitengo ndi udzu wa mpanda, ndi thukuta lanu lothira dothi m'machubu, zonsezi zili ndi mtengo. Ngati bungwelo lilibe fomu yake, onjezani madanga awiri kumapeto, lina la zimene mukupempha, lina la zimene mukupereka. Ntchito ya manja muiwerengere ngati ganyu: anthu 20, masiku 15, pa K3,000 tsiku, ndi K900,000. Izi sizilowa m'ndalama zopempha, koma zimaonetsa kuti nanunso mwaikapo mbali yanu, ndipo mafomu ambiri amafunsa zimenezi.

Potumiza, tumizani fayilo ya Excel yeniyeniyo pamodzi ndi ya PDF, osati chithunzi chojambula pa foni, ndipo yesetsani kuti bajeti yonse ikwane tsamba limodzi logoneka.

China chimene si cha bajeti kwenikweni: afunseni kuti ndalama zidzafika mwezi uti. Nyengo yodzala mitengo kuno imayamba pa 15 Disembala, ndipo mbande zimafuna miyezi ingapo m'machubu, ndiye kufesa kumafunika cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Ngati akuti adzatumiza ndalama m'magawo, pemphani kuti gawo loyamba likwanire machubu, mbewu ndi makeni zonse, chifukwa ndalama za nazale pafupifupi zonse zimafunika mwezi woyamba.