Anthu akuthawira pati pa vidiyo ya milamba?

"Malume, vidiyo yanga ija ya pa YouTube yowamba milamba ku Bangula anthu aitsegula ndithu, koma ambiri sakufika kumapeto. Ndaponya chithunzi cha girafu yake pagulu pano. Akuthawira pati, nanga ndikonze chiyani?"

Eee mphwanga, chithunzi chija ndachiona, vidiyonso ndaionera. Ndingolankhula, kulemba kunditalikira.

Choyamba udziwe kawerengedwe kake. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi ya vidiyo yako, mphindi 8 zija. Kuchokera pansi kupita pamwamba ndi kuchuluka kwa anthu amene akuonerabe, pa anthu 100 alionse amene anaitsegula. Mzerawo kutsika pang'onopang'ono usade nako nkhawa, vidiyo iliyonse imatero. Wina bandulo yamuthera, wina aitanidwa kumunda, zimenezo si zako. Iwe uzifunafuna pamene mzera wagwa mwadzidzidzi ngati gombe la Shire likakumbidwa ndi madzi. Pako pali malo awiri otero.

Oyamba ndi pachiyambi penipeni. Ukalowa mu YouTube Studio, kusankha vidiyoyo, kupita pa Analytics kenako Engagement, pali pamene alemba Intro. Nambala imeneyo imakuuza anthu amene atsala pofika masekondi 30. Pako akuti 48, kutanthauza kuti oposa theka achoka usanayambe n'komwe. Tsono tayang'ana zomwe unaika m'masekondi amenewo: nyimbo, dzina la tchanelo likuzungulira, kenako moni wa anthu a ku Nsanje, a ku Nchalo, a ku Joni, mpaka agogo ako. Moni ndi ulemu, sindikukana. Koma munthu uja anadina chifukwa mutu unati "kuwamba mlamba kuti usachite nkhungu", ndipo pachithunzi panali nsomba yofiirira bwino. Wafika, nsomba palibe, akuona nkhope yako yokha. Amaganiza kuti wasochera, n'kuchoka. Vidiyo yotsatira uyambe ndi mlamba wowamba kale m'manja, uuthyole aone kuti wauma mpaka m'kati, unene m'chiganizo chimodzi chomwe aphunzire, ndipo ulowe m'ntchito. Moni uperekere uku ukutumbula nsomba.

Achiwiri ndi pa 3:40. Apa pali chinthu chimene ambiri amaphonya. Munthu satopa n'kuchoka sekondi yomweyo, amayamba wapirira kaye. Choncho ukaona mzera wagwa pa 3:40, bwerera m'mbuyo pang'ono, uyambe kuonera cha pa 3:20. Ine ndatero. Pamenepo ndi pomwe unasiya nsomba pawaya n'kuyamba kufotokoza za ulendo wa pabwato ndi mtengo wa nkhuni, kamera itangoima malo amodzi, mphepo ikuwomba mu foni moti mawu sakumveka. Ndiye uonetsetse zomwe mzera wachita pambuyo pake: wakweranso pa 5:10. Zikatero ndiye kuti si onse anachoka, ena anangolumpha kukafuna pomwe ukutembenuza nsomba. Mzera ukagwa osadzukanso, amenewo apita. Ukagwa n'kudzuka, akukuuza kuti chigawo icho chokha ndiye sakuchifuna.

Kukwera kwa pa 5:10 kuja usathamangire kukondwa nako. Mzera umatukuka anthu akamabwereza malo amodzi, ndipo amabwereza pa zifukwa ziwiri: pawasangalatsa, kapena sanamve. Iwe pamenepo unatchula nthawi yomwe nsomba ikhale pautsi, koma unathamanga, mawu n'kumezedwa ndi phokoso la pamsika. Ndikuganiza kuti akubwereza kuti amve nambalayo. Ulendo wina uilembe pa sikirini.

Vidiyo imeneyi usaifufute. Ukapeza kompyuta, mu YouTube Studio momwemo muli Editor, ndipo pali Trim & cut. Udule nyimbo ya pachiyambi ija ndi nkhani ya bwato. Linki siisintha, chiwerengero cha oonera ndi ndemanga zimakhala momwemo. Kungoti sungawonjezeremo zojambula zatsopano, pa Trim & cut n'kudula kokha.

China, usamaweruze tsiku lomwelo waponya vidiyo. Girafu imatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti ioneke bwino, ndipo zolemba za Intro ndi Dips, zosonyeza pamene mzera wagwa, zimabwera vidiyo ikakhala yosachepera masekondi 60 ndipo yaonedwa ka 100. Komanso oyamba kuonera amakhala ife achibale a pagulu lino, amayi ako amaonera mpaka kumapeto ngakhale utangojambula mbuzi ikudya, ndiye mzera umaoneka wokongola kuposa mmene zilili.

Pa yotsatira usinthe chinthu chimodzi chokha, chiyambi, kutalika kukhale komweko. Ukasintha zonse nthawi imodzi sudzadziwa chomwe chathandiza. Pakapita sabata unditumizire nambala ya pa Intro, tiifanizire ndi 48 uja.