Kudula zithunzi pa GIMP ndi ana 50

"Achimwene, tandithandizeni. Lachinayi ndili ndi mapiriyodi awiri otsatana ndi Fomu 1, mphindi 80. Ana alipo 50, makompyuta ogwira 10, muli pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP 2.10 koma intaneti palibe. Ndikufuna aphunzire kudula zithunzi zoika pa positala yodzala mitengo. Chikonzekero cha phunziro ndichiyale bwanji?"

Eee achemwali, ndamva. Ndiyankhula pang'onopang'ono kuti muzitha kuimitsa n'kumalemba.

Theka la phunziro limeneli lithere Lachitatu masana, ana asanakhudze mausi. Ndikunena za zithunzi. Musawapatse zithunzi zojambulidwa paliponse, monga mwana ataimirira pabwalo kumbuyo kuli udzu, mpanda ndi phiri la Zomba lonse lija. Chithunzi chotero ngakhale ine chimandidyera nthawi. Tengani pepala loyera la tchati, mugoneke pakhonde pamthunzi, muikepo chinthu chimodzi n'kujambula ndi foni. Pamthunzi ndithu, chifukwa padzuwa chinthucho chimagwetsa chithunzithunzi chakuda papepala, ndipo kompyuta imachiona ngati mbali ya chinthucho. Mujambule zinthu zitatu: khasu, kheni yothirira, ndi mbande ya mtengo ili m'chubu chake. Ndasankha dala. Khasu n'losavuta, m'mbali mwake ndi mowongoka. Kheni ili ndi bowo pachogwirira, muona pompano chifukwa chake bowolo ndikulifuna. Mbande ndi ya gulu lomwe lathamanga, poti masamba ali ndi timipata tambiri. Kheniyo ikhale yobiriwira kapena yabuluu. Yachitsulo yowala ija ayi, imafanana kwambiri ndi pepala.

Zithunzizo muzisamutse ndi chingwe kapena fulashi. Mukazidutsitsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse zimafinyidwa, m'mbali mumachita tizidutswa. Kenako muzichepetse, chifukwa foni imajambula zazikulu, mwina mapikiselo 4000 m'litali, ndipo makompyuta akalewo ayamba kukoka miyendo. Mu GIMP pitani pa Image, kenako Scale Image, mbali yaitali muike 1500. Pakapulintidwe kabwino, ka mapikiselo 300 pa inchi, 1500 imatuluka pafupifupi masentimita 13, zokwanira pa A4. Muike foda imodzi pa Desktop ya kompyuta iliyonse, ndipo GIMP muitsegulire anawo asanalowe, imachedwa kudzuka.

Pa zizindikiro za kakhonzedwe musalembe zambiri. Ophunzira achotse kumbuyo kwa chithunzi, asunge chodulacho ngati PNG, achiike pa positala popanda bokosi loyera kuzungulira. Zokhazo. Mfundo yonse ya tsikulo ili pa bokosi loyeralo, kuti mwana asiyanitse malo oyera ndi malo opanda kanthu.

Ndiye mphindi 10 zoyamba masikirini akhale ozima. Bwerani ndi nyuzipepala yakale, lumo ndi pepala lachikuda. Chithunzi chimodzi muchidule mwa bokosi, china muchidule motsatira thupi la chinthucho, muziike zonse papepala lachikuda lija, mufunse chomwe chakhala bwino. Anena okha. Kenako munyamule nyuzipepala mwadulamo ija, musuzumire pabowo, akuoneni diso. Bowo limenelo ndi lomwe akukapanga pa kompyuta. Mukadumpha zimenezi, adzapaka kumbuyo utoto woyera n'kumati adula.

Mphindi 10 zotsatira muwaonetse ndi khasu, kawiri. Koyamba angoonera, kachiwiri iwo azikuuzani chodina. Masitepe akhale atalembedwa kale pabolodi monga momwe mawuwo akuonekera pasikirini.

Loyamba, File, Open, khasu. Lachiwiri ndi lomwe aliyense amaiwala: Layer, Transparency, Add Alpha Channel. Chithunzi cha pafoni ndi JPEG, ndipo JPEG sidziwa za malo opanda kanthu. Mukafufuta musanadine pamenepo, GIMP imangothirapo mtundu wakumbuyo, womwe nthawi zambiri ndi woyera, ndiye papepala loyera mwana aziona ngati palibe chachitika, azingomenya Delete. Inu mukamazungulira muzisuzumira kumanja, pamndandanda wa maleya. Dzina la leya likakhala m'zilembo zonenepa zakuda kwambiri, ndiye kuti sitepeyo aidumpha. Simufunikanso kufunsa.

Lachitatu, adine U pakiyibodi, ndiyo Fuzzy Select, kandodo kaja, kenako adine kamodzi papepala loyera, osati pakhasu. Timadontho toyenda tizungulira khasu. Chida chimenechi chimagwira malo oyandikana omwe mtundu wake ukufanana ndi pomwe mwadina, ndipo kufananako kumayezedwa ndi nambala ya Threshold kumanzere, yomwe imayambira pa 15. Pepala silikhala loyera mofanana ponse, kungodya kumadera pang'ono, ndiye 15 nthawi zina imasiya zigamba. Akweze kufika 25 kapena 30, adinenso. Akaona timadontho talowa m'mpini, nambala yakwera kwambiri, atsitse. Chenjerani ndi mwana wadzanja lolemera, amene amadina uku akukoka mausi. Kukokako kumasinthanso nambala yomweyo, ndiye malo ogwidwa amangofufuma mwadzidzidzi. Muwauze kuti dinani n'kusiya.

Lachinayi, Select, Grow, aike 1 kapena 2. Izi zimalowetsa mzere wodulira pang'ono m'khasu, kuti lisatsale ndi kamkombero koyera. Lachisanu, Delete. Apa payenera kuoneka timabokosi totuwa ngati bolodi ya dirafuti. Auzeni msanga kuti timabokosito sitipulintidwa, ndi momwe GIMP imaonetsera bowo, apo ayi wina ayamba kutifufuta. Lachisanu ndi chimodzi, Select, None.

Lomaliza ndi kusunga, ndipo apa ndi pomwe ntchito yabwino imaferapo. Save imasunga fayilo ya GIMP yokha, ya .xcf. Chodulacho chituluke kudzera pa File, Export As, ndipo dzina alilembe lonse mpaka kumchira, chonchi: khasu_gulu3.png. GIMP imayang'ana mchirawo. Akasiya .jpg, bowo lija limatsekedwa, bokosi loyera labwerera. Nambala ya gulu ikhalepo kuti pafulashi panu mafayilo asafufutane.

Tsopano mphindi 35 za iwo eni, asanuasanu pakompyuta. Mukawasiya, mnyamata mmodzi wozolowera agwira mausi mpaka belu, atsikana atapinda manja kumbuyo. Ine ndikanawerengetsa 1 mpaka 5 pagulu lililonse, n'kumaomba m'manja pakatha mphindi 7 kuti wapampando asinthe. Amene wangochoka pampando ndi amene aziwerengera mnzake masitepe, koma manja kumbuyo, asagwire mausi. Awiri oyamba adule khasu, aliyense kuyambira pa Open. Wachitatu ndi wachinayi atenge kheni, wachisanu ayese mbande ngati gululo lakhwima, apo ayi kheni yomweyo.

Pa kheni musawachenjeze. Asiyeni adule, aone okha kuti mkati mwa chogwirira mwatsala choyera. Afunseni chifukwa chake. Yankho n'lakuti choyera chamkaticho chatsekeredwa, sichikukhudzana ndi chakunja, ndiye kandodo sikanafikeko. Akachipeza, muwaonetse kugwira Shift n'kudina m'bowomo, malo achiwiriwo awonjezereka pa oyamba. Mwana amene wamvetsa zimenezi ndiye wamvetsa chidacho, ndipo pa mbande azingobwereza Shift yomweyo pakati pa masamba. Akatopa nazo, pa mbande pali chidule: Shift ndi O, ndiyo Select by Color, imagwira zoyera zonse kamodzi, zokhudzana ndi zosakhudzana. Koma imagwiranso pomwe chubu chakuda chanyezimira, n'kuboola chubucho, ndiye ayang'anitsitse asanafufute.

Zina zing'onozing'ono zokusokonezani. Wina agunda Tab, zida zonse zisowa pasikirini, ana n'kukuwa kuti yawonongeka. Dinaninso Tab, zibwerera. Ctrl ndi Z, yobwezera zomwe walakwitsa, muilembe pakona pa bolodi m'zilembo zazikulu. Ndipo poti magetsi satsanzika, aliyense asadzuke pampando asanachite Export As.

Mphindi 15 za positala. Pepala lake muwakonzeretu inu: File, New, pa Template musankhe A4 ya 300, muthire mtundu wobiriwira kapena wachikasu, musunge mufoda muja. Lisakhale loyera, dala, chifukwa pachikuda ndi pomwe zolakwika zonse zimaonekera. Iwo atsegule pepalalo, kenako File, Open as Layers, asankhe ma PNG awo. M ndi yosunthira, Shift ndi S ndi yokulitsira kapena kuchepetsera. Posuntha adine pathupi pa khasu penipeni. Akadina pabowo, GIMP inyamula pepala lakumbuyo, positala yonse n'kusendera kumbali. Pochepetsa, kaunyolo kapakati pa Width ndi Height kakhale kolumikiza, kuopa kheni yophwatalala. Kuchepetsa kulibe vuto, koma asakulitse kuposa momwe chithunzi chabwerera, chimachita chimbuuzi.

Mawu akhale mzere umodzi, ndi T. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, angathe kulemba zimenezo, kapena china chokhudza madzi a ku Mulunguzi omwe tauni ino ya Zomba imamwa. Koma musawalole kusankha maonekedwe a zilembo, amenewo amadya piriyodi yathunthu. Ndipotu nthawi ikakutherani, mawuwo ndi oyamba kuwataya, adzalemba sabata yamawa kapena ndi maka akapulinta. Zodula tsitsi la munthu, kapena kuzungulira chinthu ndi dzanja pa Free Select, musazitchule n'komwe Lachinayi. Limenelo ndi phunziro lina, la zithunzi zakumbuyo kosokonekera.

Mphindi 10 zomaliza, magulu asinthane makompyuta, gulu 1 likaone za gulu 2, choncho. Ayang'ane zinthu zitatu: pali bokosi loyera kapena kamkombero? M'chogwirira cha kheni mukuoneka mtundu wa positala? Fayilo ikuthera ndi .png? Chilichonse malikisi awiri. Akapeza cholakwika anenenso sitepe yomwe yadumphidwa, pamenepo ndi pomwe mudziwire amene wamva. Bokosi lathunthu ndiye kuti Add Alpha Channel kapena .jpg, kamkombero ndi Grow, mpini wodyeka ndi Threshold. Inu muzidutsa ndi fulashi kutolera.

Kupulinta musalonjeze magulu onse, inki yachikuda ndi yodula. Sankhani ziwiri, mukapulintitse mtauni, ndipo positala yomalizayo yokha mungathe kuitulutsa ngati JPEG kapena PDF, poti ilibenso bowo. Mukajambula zithunzi zija Lachitatu munditumizire pompano pa WhatsApp, koma musankhe Document kuti zisafinyidwe, ndiziyese madzulo ndikuuzeni nambala ya Threshold yoti mulembe pabolodi. Mupereke moni kwa alamu.