Rifuleshi ya m'mawa ikulephera, koma masana ikuyenda

"Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mopikulitsa ku Kamwala, mu Lusaka. Dashibodi yathu ya malonda ili pa Power BI, ndipo ndinaitchera kuti izitenga deta yatsopano 6 koloko m'mawa kuchokera m'fayilo ya Excel ya mu ofesi. Pafupifupi tsiku lililonse ndimalandira imelo yoti yalephera, koma ndikadina Refresh now masana imayenda bwinobwino. Sabata ino ngakhale imeloyo yasiya kubwera. Abwana akuona manambala akale. Ndiyambire pati?"

Achemwali, musakhudze lipotilo kaye. Poti masana limayenda, mafomula ake ndi pasiwedi zili bwino. Chimene chikusiyana ndi nthawi, choncho funso lenileni ndi lakuti: 6 koloko m'mawa mu ofesi mwanu mumakhala motani?

Power BI ili pa maseva a Microsoft, kutali, ndipo siingalowe yokha mu kompyuta ya ku Kamwala. Imadalira kapulogalamu kotchedwa On-premises data gateway, kamene munaika pa kompyuta ina mu ofesimo. Getiweyi ili ngati mlonda wa pageti: Power BI imatumiza pempho, iye amakatenga fayilo n'kupereka. Kompyutayo ikakhala yozima, yogona kapena yopanda intaneti, palibe woyankha pagetipo.

Umboni wake uli mu Refresh history, m'kati mwa Settings ya semantic model yanu. Mzere uliwonse umasonyeza ngati inali Scheduled kapena On demand, nthawi yoyamba, nthawi yothera, ndi uthenga wa cholakwika. Lembani papepala masiku amene inalephera, muwayerekeze ndi ndandanda ya kuzima kwa magetsi m'dera lanu. Tinene kuti Lolemba ndi Lachitatu yalephera, ndipo masiku onsewo magetsi anabwera 9 koloko, pamene Lachiwiri anagona oyaka ndipo rifuleshi inatheka. Mukaona chonchi, kenako mu uthengamo mukapeza mawu akuti DM_GWPipeline_Client_GatewayUnreachable, mlandu watha. Kuno ku Lusaka ine ndimayambira pamenepa nthawi zonse, chifukwa anthu amathera sabata akusanthula mafomula pamene vuto lili pa soketi.

Uthenga ukakhala wina, nkhani yasintha. Wonena za credentials ukutanthauza kuti pasiwedi inasinthidwa kapena chilolezo chinatha, ndipo mumakonza podina Edit credentials. Koma vuto limeneli silisankha nthawi, likanakugwirani ndi masana omwe. Rifuleshi imene imayenda maola 2 kenako n'kuduka yafika malire a nthawi a laisensi ya Pro, ndipo pamenepo mankhwala ndi kuchepetsa deta.

Magetsi akhoza kukhalapo koma getiwe n'kukhalabe chete. Windows imagoneka kompyuta ikakhala osagwiritsidwa ntchito. Letsani zimenezo, ndipo onani ngati getiwe ili moyo, mu PowerShell:

```
powercfg /change standby-timeout-ac 0
Get-Service PBIEgwService
```

Pa Status payenera kulembedwa Running. Ikanena kuti palibe sevisi ya dzina limenelo, n'kutheka kuti munaika ya personal mode. Imeneyo imagwira ntchito pokhapokha mwini wake atalowa mu Windows, ndiye magetsi akazima usiku n'kubwerera, imadikira inuyo mpaka mufike. Ya standard mode imadzuka yokha kompyuta ikangoyaka. Pa ntchito ya sitolo yonse, ine sindingasiye dashibodi pa personal mode. Mukasamukira ku ya standard mode, chenjerani ndi kanjira ka fayilo: sidziwa zilembo ngati `Z:\`, imafuna kanjira kathunthu monga `\\seva\malonda\malonda.xlsx`, komanso akaunti yololedwa kuwerenga fodayo.

Tsopano za imelo yosiya kubwera. Sikuti zakonzeka. Power BI imazimitsa yokha ndandanda ikalephera kanayi motsatizana, ndipo siiyatsanso mpaka munthu atabwerera ku Settings, pagawo la Refresh, n'kuiyatsa ndi dzanja. Ambiri amakonza getiwe n'kuiwala zimenezi, mawa lake abwana n'kuonanso manambala akale omwe aja. Muli pomwepo, onaninso Time zone: ikhale ya UTC+02:00, apo ayi 6 koloko yanuyo si ya ku Lusaka. Laisensi ya Pro imalola nthawi 8 pa tsiku, choncho onjezani ina ya 10 koloko ndi ina ya 2 koloko masana, kuti ya m'mawa ikaphonya, ina ipeze kompyuta ili maso.

Koma popeza deta yanu ndi fayilo ya Excel basi, njira imene ndingasankhe ndi yochotseratu getiwe. Ikani fayiloyo pa SharePoint kapena OneDrive ya kuntchito, kenako mu Power BI Desktop musinthe gwero kuti liloze ku adiresi ya pa intaneti ya fayiloyo. Apa ndi pamene ambiri amaterereka: amasankha foda ya OneDrive ya pa `C:\Users\`, imene ikadali pa kompyuta yawo ndipo ikufunabe getiwe. Mukaika adiresi yoyamba ndi `https://`, tumizaninso lipotilo ku Power BI ya pa intaneti, lowetsani akaunti yanu pa Data source credentials, yatsani ndandanda, ndipo mawa muone ngati mu Refresh history mwalembedwa Completed pa mzere wa Scheduled.